Olima, ophika, okolola: momwe ophunzira zachipatala amalowezera mitsempha 12 ya m'mutu

O, O, O, T, T, A, F, V, G, V, A, H. Aliyense wophunzira udokotala, unamwino kapena ntchito ina ya m'chipatala amakumana ndi zilembo 12 zimenezi akangoyamba phunziro la anatome, lomwe limafotokoza kapangidwe ka thupi la munthu. Zilembozi ndi zoyambira mayina a mitsempha imene imachokera mu ubongo n'kutuluka m'chigaza kudzera m'timabowo ta pansi pake. Mitsemphayi si ya magazi. Ndi timizere toyera timene timatenga uthenga kuchokera ku mphuno, maso, makutu, lilime ndi khungu la kumaso kupita nawo ku ubongo, komanso kutenga malamulo a ubongo kupita nawo ku minofu. Uliwonse ulipo pawiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo uli ndi dzina komanso nambala imene imalembedwa m'Chiroma, kuyambira I mpaka XII.

Mayina ake ndi ochokera ku Chilatini ndi Chigiriki, choncho ndi achilendo kwa aliyense, ngakhale kwa mwana wobadwira ku Mangalande. Woyamba ndi olofakitale, wonunkhizira. Wachiwiri ndi oputiki, woonera. Wachitatu ndi okyulomota ndipo wachinayi ndi tirokiliya, yonse iwiri yoyendetsa diso. Wachisanu ndi tirayijemino, umene umamva kukhudzidwa kwa nkhope ndi kuyendetsa nsagwada potafuna. Pa nambala VI pali abudyusensi, woyendetsanso diso, ndipo pa VII pali feshiyo, woyendetsa minofu ya kumaso. Nambala VIII ndi vesitibyulokokiliya, wa kumva ndi kuima osadzandira. Kenako pamabwera gulosofarinjiyo ndi vegasi, imene imathandizana pa ntchito za kummero, ngakhale vegasi amapitirira mpaka ku mtima, mapapo ndi matumbo. Iwiri yomaliza ndi akisesale, wotembenuza mutu ndi kukweza mapewa, ndi haipoguloso, woyendetsa lilime.

Munthu akawerenga ndime imeneyo kamodzi n'kutseka magaziniyi, mwina atsala ndi mayina atatu. N'chifukwa chake ophunzira akhala akupeka timawu tokumbutsa kwa mibadwo yambiri. Timawuto timathandizadi, koma timafika pena n'kulekeza, ndipo amene sadziwa pamene talekezera amavutika akaimirira pambali pa bedi la wodwala.

Chiganizo cha zilembo zoyamba

Njira yodziwika kwambiri ndi yopeka chiganizo cha mawu 12, liwu lililonse loyamba ndi chilembo cha mtsempha wake. M'Chingerezi muli kandakatulo kakalekale konena za nsonga za phiri la Olimpasi, munthu wa ku Finilandi ndi mnzake wa ku Jeremani. Madokotala ambiri achikulire amakanenabe pamtima. Vuto lake n'lakuti kanapekedwa mayina ena asanasinthe. Mtsempha wa nambala VIII kale unkatchedwa oditale, kotero kandakatuloko kamapereka A pamene buku la lero likufuna V. Pa nambala XI kamapereka S, chifukwa dzina lonse la mtsemphawo limayamba ndi liwu lakuti sipaino. Wophunzira amene watola kandakatulo kwa mkulu wake, pamene mayina akuwatenga m'buku latsopano, amapeza kuti zilembo ziwiri sizikugwirizana, ndipo amayamba kudzikayikira pa zimene anazidziwa bwino.

Ziliponso ziganizo zina zolaula, zimene ophunzira amanong'onezana chifukwa chinthu chochititsa manyazi sichiiwalika msanga. Ine sindizikonda. Chimene waloweza chimakutsata mpaka ku wodi, ndipo si bwino kuti mawu otere azizungulira m'mutu mwako pamene ukuyang'ana m'maso mwa mayi wa munthu wina.

Chilema chachikulu cha ziganizo zonsezi chili pa zilembo zobwerezabwereza. Ma O alipo atatu otsatizana, ma T awiri, ma A awiri ndi ma V awiri. Zilembo 9 mwa 12 zili ndi mnzake wofanana nazo. Chiganizo chikakuuza kuti pa nambala IV pali T, sichinakuuze ngati ndi tirokiliya kapena tirayijemino, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amagwera. Chiganizo chabwino chiyenera kunyamula kamvekedwe ka chiyambi cha dzinalo, osati chilembo chimodzi chokha.

Ku Malawi phunziro la anatome limaphunzitsidwa m'Chingerezi, monga zilili ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, koma palibe lamulo loletsa wophunzira kuloweza m'chinenero chimene amalotera. Nachi chiganizo chimene ndapeka, cha tsiku la masika ku tchalitchi:

Olima, ophika, okolola, tilowe, tilawe! Abusa, fotokozani vesi. Gulu, vomerani: ameni, haleluya!

Ma O atatu aja tsopano asiyana. Olima ndi olofakitale, ophika ndi oputiki, okolola ndi okyulomota. Tilowe akumveka ngati chiyambi cha tirokiliya ndipo tilawe ngati cha tirayijemino. Abusa ndi abudyusensi, vesi ndi vesitibyulokokiliya, gulu ndi gulosofarinjiyo. Mukadziwa kuti A woyamba ndi V woyamba ndi amenewo, otsalawo sangasokonezenso: vomerani ndi vegasi, ameni ndi akisesale. Mawu ena agwirizananso ndi ntchito ya mtsempha wake. Vesi timalimva ndi khutu. Kuvomera kumafuna mawu, ndipo minofu ya kholingo imayendetsedwa ndi vegasi. Haleluya satchulika lilime litafa, koma muzimulemba ndi H wake kutsogolo. Pa liwu lakuti tilawe pokha pafunika kusamala, chifukwa tirayijemino ndi wa kutafuna, pamene kumva kukoma ndi ntchito ya mitsempha ina.

Ngakhale chiganizo chikhale chabwino chotani, chimapereka mndandanda wokha. Mphunzitsi akafunsa kuti nambala IX ndi uti, wophunzira amayambira pa olima n'kumawerenga zala pansi pa desiki. Pa mayeso a m'chipinda cha mitembo, pamene pini yabayidwa pa kamzere koyera pansi pa ubongo ndipo belu likulira kuti usunthire pa tebulo lina, nthawi yowerenga zala imakhala palibe. Pamafunika njira ina yoti nambala ndi dzina zizibwera pamodzi.

Nambala ndi malo

Manambalawa sanaikidwe mwachisawawa, ndiponso sanali 12 kuyambira kale. Galen, sing'anga wa ku Pegamo wa m'zaka za m'ma 100, amene ankaphunzira pong'amba nyama, anawerenga mitsempha 7. Thomas Willis wa ku Okisifodi, m'buku lake la 1664 lonena za ubongo, anawerenga 9. Iye anaphatikiza mtsempha wa kumaso ndi wa khutu kukhala umodzi, chifukwa imalowera limodzi m'bowo limodzi la chigaza, ndipo anachitanso chimodzimodzi ndi itatu imene lero timaitcha IX, X ndi XI. Kawerengedwe ka 12 kanabwera mu 1778 ndi Samuel Thomas Sömmerring, mnyamata wa zaka 23 amene ankalemba pepala lomalizira maphunziro ake a udokotala ku Gotingeni m'dziko la Jeremani.

Chofunika kwa woloweza n'chakuti manambalawo amatsata malo amene mitsemphayo imaonekera pansi pa ubongo, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo ndi kunsi. Nambala yaing'ono ili pafupi ndi mphumi, yaikulu ili pafupi ndi khosi. Apa ndi pamene panachokera kalamulo ka 2, 2, 4, 4. Iwiri yoyamba ndi ya ubongo waukulu wa kutsogolo. Yotsalayo imachokera pa tsinde la ubongo, limene lili ndi zigawo zitatu: III ndi IV pa chigawo cha pamwamba, V mpaka VIII pa chigawo cha pakati chotchedwa ponzi, IX mpaka XII pa chigawo cha pansi chotchedwa medala. Kalamuloka n'kongoyandikiza. Mwachitsanzo, mizu ya XI ili mu mtsempha waukulu wa msana cha m'khosi, ndipo mtsemphawo umakwera kulowa m'chigaza kenako n'kutulukanso. Komabe dokotala akaona kuti wodwala wavutika kumeza, mawu asasa ndipo lilime lapindikira kumbali, amadziwa kuti manambala akuluakulu ndiwo akhudzidwa, ndipo maganizo ake amathamangira ku medala kapena pansi pa chigaza.

Palinso ziganizo za Chingerezi zokumbutsa ngati mtsempha ndi wongomva, wongoyendetsa minofu kapena wochita zonse ziwiri. Apa ndimaona kuti chiganizo ndi katundu wosafunika, chifukwa manambala okha ndi osavuta. Yongomva ndi itatu, I, II ndi VIII: mphuno, diso, khutu. Yochita zonse ziwiri ndi inayi, V, VII, IX ndi X. Isanu yotsalayo ndi yoyendetsa minofu, ndipo itatu mwa iyo ndi ya diso. Ena amawonjezera chaka cha 1973, kuchiwerenga ngati 10, 9, 7 ndi 3, kuti akumbukire mitsempha inayi imene imagwira ntchito zina munthu osazilamula: X amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kuyendetsa matumbo, IX ndi VII amatulutsa malovu, VII amatulutsanso misozi, ndipo III amachepetsa kamwana ka diso kuwala kukachuluka.

Diso limene latsekeka

Pa njira zonse zokumbutsira, imene ndimaiona kuti ndi yaphindu koposa ndi yaifupi kwambiri, ndipo imalembedwa ngati fomula ya kemisitiri:

LR6 SO4 R3

Diso lililonse limayendetsedwa ndi timinofu 6. LR ndi kamnofu kotchedwa latero rekitasi, kamene kamakokera diso kunja, kuloza ku khutu, ndipo mtsempha wake ndi wa nambala 6. SO ndi supiriya obuliki, kamene kamadutsa pa kamphete ka pakona ya diso pafupi ndi mphuno kasanakagwire diso, ndipo kamalitsitsa pansi ndi kulipotoza pang'ono. Mtsempha wake ndi wa nambala 4. R3 akutanthauza kuti timinofu tonse totsala, tinayi, ndi ta nambala 3. Pamwamba pa tinayito, III amayendetsanso mnofu wokweza chikope.

Ubwino wa fomulayi ndi wakuti munthu angathe kuganiza nayo, osati kungoinena. Tiyerekeze kuti ku chipatala kwafika bambo wa zaka za m'ma 50, amene diso lake lamanzere latsekeka kuyambira dzulo. Sakumva kuwawa m'disomo, koma mutu ukumupweteka. Wophunzira amene ali ndi chiganizo cha abusa chokha angathe kutchula mitsempha 12 yonse popanda kupunthwa, koma sadziwa poyambira. Amene ali ndi fomula amayamba ndi funso la chikope. Chikope chagwa, ndipo mnofu wochikweza ndi wa III, choncho III ndiye woyamba kumukayikira.

Kenako amakweza chikopecho ndi chala. Diso lamanja likuyang'ana kutsogolo, koma lamanzere lapatukira kunja, cha ku khutu, ndipo latsikira pansi pang'ono. Bamboyo akunena kuti chikope chikakwezedwa akuona zinthu ziwiriziwiri. Diso labwinobwino limaima pakati chifukwa timinofu take timakokana mofanana, ngati magulu awiri okokana chingwe pa bwalo la sukulu. Gulu limodzi likasiya chingwe, linalo limapita nacho. Ngati III wafooka, timinofu tinayi tasiya kukoka, ndipo tatsala tiwiri tokha tamoyo. LR wa nambala 6 akukokera kunja, SO wa nambala 4 akukokera pansi. Diso loyang'ana kunja ndi pansi ndilo limene fomula inalosera, wodwala asananene kanthu kena.

Wophunzirayo amauza bamboyo kuti atsate chala ndi maso, mutu osautembenuza, ndipo amayendetsa chalacho m'mwamba mojambula chilembo H. Diso lamanzere likupita kunja bwinobwino, kusonyeza kuti VI ali moyo, koma silikutha kulowera ku mphuno kapena kukwera kumwamba.

Chatsala ndi kamwana ka diso, ndipo apa ndi pamene nkhani imakula. Kamwana ka kumanzere n'kakakulu kuposa ka kumanja. Akawalitsa tochi m'diso lamanzere, kamwana kake sikakuchepa, koma ka kumanja kakuchepa. Akawalitsa m'diso lamanja, ka kumanja kakuchepa, ka kumanzere kali chikhalire. Ophunzira amakumbukira kayendedwe aka ndi mawu ochepa: kuwala kumalowa ndi II, yankho limatuluka ndi III. Popeza kuwala kolowera kumanzere kwachepetsa kamwana ka kumanja, ndiye kuti II wa kumanzere akugwira ntchito, uthenga ukufika ku ubongo. Chimene chalephera ndi njira yobwerera ku diso lamanzere, ndipo imeneyo ndi III yemweyo.

Mpaka pamenepa njira zokumbutsira zagwira ntchito yake yonse: zatchula mtsempha wodwala ndi mbali yake. Chimene sizinganene ndi chifukwa chake. Timizere timene timachepetsa kamwana ka diso timayenda cha kunja kwa mtsempha wa III, pafupi ndi chikuto chake. Chinthu chikamaupsinja mtsemphawo kuchokera kunja, timizere timeneti ndito timayamba kuvulala, ndipo kamwana ka diso kamakula. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapsinja chonchi ndi mtsempha wa magazi wa pansi pa ubongo umene watupa ngati kathumba ndipo ungathe kuphulika. Matenda a shuga ndi bipi nawonso amafooketsa III, koma amatero potseka timitsempha ta magazi todyetsa pakati pake, kotero kawirikawiri kamwana ka diso kamakhala kabwinobwino. Kusiyanaku sikuchitika nthawi zonse, ndipo diso lililonse lotsekeka mwadzidzidzi chonchi lifunika chipatala tsiku lomwelo. Koma kwa bambo wathuyu, amene ali ndi kamwana kakakulu ndiponso mutu ukuwawa, nkhani ndi yachangu: afunika kujambulidwa m'mutu mosazengereza. Mu fomula ya LR6 SO4 R3 mulibe chilembo chonena za kamwana ka diso, ndipo wophunzira amene aima pa fomulayo angakondwere kuti wapeza yankho pamene mbali yoopsa kwambiri sanaione.

Mitsempha ina iwiri ya diso imawerengeka ndi fomula yomweyi. VI akafooka, diso silipita kunja ndipo limapendekera ku mphuno. Wodwala amaona ziwiriziwiri makamaka akayang'ana kutali, cha ku mbali yodwalayo. Mtsempha umenewu uli ndi ulendo wautali pansi pa ubongo ndipo umakokeka mosavuta madzi akapanikizana m'chigaza, monga zimachitikira pa matenda ena oumitsa khosi amene zipatala zathu zimawadziwa bwino. Zikatere, kufooka kwa VI kumaloza vuto la m'chigaza monse, osati la pamalo pamene pali mtsemphawo. IV akafooka, munthu amavutika potsika masitepe ndi powerenga, chifukwa SO amatsitsa diso kwambiri pamene latembenukira ku mphuno, ndipo wodwala amapendeketsa mutu ku mbali yabwinoyo kuti zithunzi ziwiri zikumane.

Pali kulakwa kwina kochepa kumene kumatayitsa malikisi ambiri pa mitsempha iwiriyi. IV ndi VI ndi zilembo zomwezo zongotembenuzidwa, monganso IX ndi XI. Munthu wofulumira amadziwa yankho m'mutu koma dzanja limalemba lina, ndipo pa faelo ya wodwala kulakwa kotere kumasocheretsa wowerenga pambuyo pake. N'chifukwa chake n'kwanzeru kuloweza fomulayi ndi manambala wamba, 6 ndi 4, ndiponso kulemba dzina la mtsempha pambali pa nambala ya Chiroma.

Nkhope ili ndi eni awiri

Dzina lenileni la mtsempha nalo limasocheretsa. Feshiyo limatanthauza wa kumaso, ndiye ophunzira ambiri amaupatsa ntchito zonse za nkhope. Koma nkhope inagawidwa pawiri: kumva kukhudzidwa, kutentha ndi ululu ndi za V, pamene kumwetulira, kukwinya mphumi ndi kutsinzina ndi za VII. Dzino likamawawa, uthenga ukuyenda mu V. Pakamwa pakapindikira kumbali, wafooka ndi VII. Njira imene imathandiza ambiri ndi ya dzanja. Ikani dzanja la zala zisanu pa tsaya, zala zitatu zitatambasuka, china pa mphumi, china pa tsaya, china pa chibwano. Zala zisanu ndi nambala V, ndipo zitatu zotambasukazo ndi nthambi zake zitatu, malo atatu amene dokotala amakhudza ndi thonje poyeza.

Pa chikope mitsempha ya III ndi VII imakumana, ndipo ophunzira amaisokoneza kwambiri. III amatsegula diso, VII amalitseka. Ena amaona nambala III ngati mizati itatu yochirikiza chikope kuti chisagwe, ndipo 7 ngati ngowe yochikokera pansi. Bambo wa chitsanzo chathu sankatha kutsegula diso. Wodwala amene VII wake wafooka ali ndi vuto losiyana: diso silitsekeka, limauma, ndipo likapanda kutetezedwa limachita zilonda. Khate ndi amodzi mwa matenda amene amachita zimenezi.

Pa VII palinso funso limene palibe chiganizo cholowezera chimene chingaliyankhe. Munthu akafika pakamwa patapindika, dokotala amamuuza kuti akweze nsidze. Ngati mphumi ya mbali yofookayo siikwinyika n'komwe ndipo diso silitsekeka, vuto lili pa mtsempha weniweniwo, monga pa matenda otchedwa ndi dzina la Charles Bell, amene ambiri amachira pakapita masabata kapena miyezi. Ngati mphumi ikukwinyika mbali zonse koma kunsi kwa nkhope kokha ndiko kwafooka, vuto lili m'kati mwa ubongo, ndipo sitiroko ndiyo yoyamba kuiganizira. Chifukwa chake n'chakuti minofu ya mphumi imalandira malamulo kuchokera ku mbali zonse ziwiri za ubongo, pamene ya kunsi imalandira kuchokera ku mbali imodzi yokha, ya kutsidya. Mbali imodzi ya ubongo ikavulala, inayo imasungabe mphumi.

Kulowezera pa thupi

Poona zonsezi, njira imene ndingalimbikitse wophunzira ndi yomangirira nambala iliyonse pa chochita cha thupi lake, motsata momwe dokotala amayezera wodwala. Gwirani mphuno n'kunena kuti wani. Phimbani diso limodzi n'kuwerenga chinthu chakutali, thuu. Tsatani chala ndi maso mojambula H uja, ndipo apa mutchule 3, 4 ndi 6 pamodzi, chifukwa ngakhale ku chipatala imayezedwa pamodzi. Khudzani mphumi, tsaya ndi chibwano, kenako lumani mano, 5. Kwezani nsidze, tsinzinani mwamphamvu, onetsani mano, 7. Pekesani zala pafupi ndi khutu, 8. Mezani malovu n'kunena kuti aaa, 9 ndi 10. Kwezani mapewa ndi kutembenuza mutu, 11. Tulutsani lilime, 12. Zonsezi sizitenga mphindi ziwiri, ndipo dzanja limayenda kuchoka pa mphuno kutsikira ku khosi ndi pakamwa, pafupifupi monga manambala amayendera pansi pa ubongo.

Phindu lake ndi lakuti nambala iliyonse imaima payokha. Munthu akamva kuti 11, mapewa amakwera okha asanayambe kuwerenga zala. Ndipo chimene akuloweza ndi chomwecho chimene adzachite pa wodwala, kotero sakuphunzira zinthu ziwiri.

Kuti zikhazikike, pamafunika kudzifunsa m'malo mongowerenga mobwereza. Dulani timapepala 12, lembani nambala mbali imodzi ndi dzina mbali inayo, tisakanizeni, n'kumatola kamodzikamodzi. Pa kalikonse tchulani dzina, ntchito, kayezedwe kake ndi chimene chimaoneka mtsemphawo ukafooka. Chiganizo cha abusa muzichiitana pokhapokha mwakakamira. Bwerezani mawa lake, kenako patapita masiku atatu, kenako sabata, chifukwa zoloweza zimatayika kwambiri m'masiku oyambirira, monga Hermann Ebbinghaus anasonyezera mu 1885. Mukakhala awiri zimaposa: wina azichita ngati wodwala, mnzake azitchula mtsempha ndi mbali yake.

Pa masewero oterewa, lilime ndilo limavumbula msanga amene wangoloweza. Limayendetsedwa ndi XII, koma kutsogolo kwake, magawo awiri mwa atatu, limamva kukhudzidwa kudzera mu V ndipo limamva kukoma kudzera mu VII, pamene gawo la kumbuyo limachita zonse ziwiri kudzera mu IX. Wochita ngati wodwala atulutse lilime litapatukira kumanzere, n'kufunsa kuti mbali yodwala ndi iti. Ambiri amati kumanja, poganiza kuti mbali yamphamvu ndiyo ikulikokera kwake. Koma mnofu wotulutsa lilime sukoka, umakankha kuchokera kumbuyo. Mbali yamanja ikamakankha yokha, lilime limakhotera ku mbali imene siikukankha, choncho XII wofookayo ndi wa kumanzere.